Mungadziwe bwanji kuti bizinesi yanu yapambali yakhwima moti n'kusiyira ntchito?

Anthu ambiri amaganiza zosiya ntchito pa mwezi umene malonda ayenda bwino kwambiri. Ndalama zimene zalowa m'bizinesi zaposa malipiro kawiri kapena katatu, foni ikungolira, ndiye kukhala mu ofesi tsiku lonse kumaoneka ngati kutaya nthawi. Koma mwezi wotero sunena zoona. Bizinesi ya munthu amene ali pantchito ili ngati mwana amene akuyamwabe: amaoneka wonenepa, koma simungadziwe ngati angakhute ndi chakudya chokha mpaka mutamuletsa kuyamwa. Malipiro anu akhala akuidyetsa bizinesiyo mwakachetechete, ndipo chofunika kudziwa ndi chakuti ingaime yokha n'kukudyetsaninso inuyo.

Kuti masamu ake aoneke bwino, titsatira chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tiyerekeze mayi wina amene ndi kalaliki pa kampani inayake, ndipo kunyumba ali ndi makina awiri osokera ndi telala mmodzi amene amam'lipira pamwezi. Amasoka mayunifolomu a sukulu ndi zovala zina za maoda. Manambala amene ndigwiritse ntchito si a ndalama ya dziko lililonse. Ndangoika malipiro ake pa 1,000 kuti kuwerengera kusavute, ndipo inu muikemo anu.

Choyamba: patulani ndalama za bizinesi, mulembe kwa chaka chathunthu

Ngati ndalama za bizinesi ndi za pakhomo zimalowa m'thumba limodzi, palibe chimene mungayeze. Tsegulani akaunti ina kubanki kapena pafoni, ya bizinesi yokha. Kasitomala aliyense azilipira kumeneko, ndipo chilichonse chogulira bizinesi chizichokera kumeneko. Mukatapa m'malipiro anu kuti mukagule katundu, lembani kuti bizinesi yakongola kwa inu. Mukatenga ndalama ya kasitomala n'kugulira zapakhomo, lembaninso. Kope wamba ndi lokwanira, bola muzilemba tsiku lomwelo.

Lembani kwa miyezi 12, osati itatu kapena inayi. Pafupifupi bizinesi iliyonse ili ndi nyengo yake, ndipo amene wangoona nyengo yabwino sanaidziwebe bizinesi yake. Wosoka mayunifolomu amapanikizika sukulu zikamatsegulira, koma pakati pa temu makina amatha kukhala masiku angapo osalira.

Chachiwiri: dziwani zonse zimene ntchito ikukupatsani

Malipiro amene amalowa kubanki si zonse. Tengani pepala la malipiro ndi kontrakiti yanu, mulembe chilichonse chimene chidzatha tsiku limene mudzatuluke pakhomo la kampani. Mayi wa m'chitsanzo chathu amalandira 1,000 msonkho utachotsedwa kale. Kampani imamuikira 100 ku penshoni, imamulipirira inshulansi ya chipatala ya banja lonse yokwana 80, ndipo imamupatsa 20 ya foni. Zonse pamodzi ndi 1,200. Tichotsepo 100 imene amawononga poyenda kupita ndi kubwera kuntchito, poti akasiya ndalama imeneyi sidzatulukanso. Ndiye kuti ntchito yake imamupatsa 1,100 pamwezi.

Pali zinanso zovuta kuziika pa nambala. Akadwala sabata ziwiri malipiro amabwerabe, ndipo akapita kutchuthi amalipidwa. Pabizinesi ya munthu mmodzi, mwini akagona ndalama nazo zimagona.

Lembaninso nambala ina yachiwiri: ndalama zochepetsetsa zimene banja lingakhalire pamwezi popanda kukongola. Muikemo lendi, chakudya, fizi yogawidwa pa miyezi 12, mankhwala, ndi thandizo limene mumatumiza kwa achibale mwezi ndi mwezi, chifukwa amenewo sadzasiya kuimba foni poti mwasiya ntchito. Kwa mayi uja nambalayi ndi 800.

Chachitatu: funani phindu lenileni

Apa ndi pamene anthu ambiri amadzinamiza, choncho tikhalitsepo.

Atawerengera chaka chonse, mayi uja akupeza kuti pamwezi amagulitsa zovala za 3,000. Nsalu, ulusi, mazipi ndi mabatani zimadya 1,300, telala amalandira 450, ndipo zotsala ndi 1,250. Poyerekeza ndi malipiro a 1,000, akuona ngati bizinesi yapambana kale. Koma pali zinthu zimene bizinesi ikugwiritsa ntchito osalipira, ndipo ziyenera kulowa m'kope.

Chipinda chosokeramo ndi cha m'nyumba imene lendi yake imachokera m'malipiro. Atati achite lendi chipinda chotere kwina angalipire 120. Magetsi a makina ndi a simbi ndi 60, ndipo mpaka pano amalipidwa limodzi ndi a nyumba. Kukagula nsalu ndi kukapereka zovala amangodzera pochokera kuntchito, koma akasiya, maulendo amenewa adzafuna 70 yawoyawo. Palinso kutha kwa makina. Makina awiriwo anagula pa 3,600, ndipo ngati angagwire ntchito zaka zisanu, zomwe ndi miyezi 60, ndiye kuti mwezi uliwonse akutha ndi 60. Ndalama imeneyi sioneka ikutuluka, koma tsiku limene makina adzafe idzafunika yonse nthawi imodzi. Pomaliza pali anthu amene anatenga zovala pangongole n'kusowa. Atawawerengera onse a chaka chimenecho, akupeza kuti amataya 90 pamwezi. Zonsezi zikukwana 400, ndipo 1,250 ija yatsika kufika pa 850. Akapatula 100 ya msonkho ndi chiphaso cha bizinesi, phindu lenileni ndi 750.

Tsono yerekezani 750 ndi 1,100, osati 1,250 ndi 1,000. Bizinesi imene imaoneka kuti yaposa ntchito ikupereweradi ndi 350 mwezi uliwonse, ndipo sikufika ngakhale pa 800 ya zofunika pakhomo.

Chenjeraninso ndi zinthu ziwiri zimene zimakometsa kope. Oda imene mwasoka koma sinalipiridwe si ndalama ayi. Iwerengeni pa mwezi umene ndalamayo yafika m'manja. Ndipo ndalama imene kasitomala wapereka ya chikole, ntchito isanagwiridwe, si yanu panobe, chifukwa mbali yaikulu ikagula nsalu yake yomweyo. Akaunti ikhoza kuoneka yodzaza chifukwa cha zikole zokhazokha, n'kuuma pa sabata imodzi.

Chachinayi: yang'anani miyezi yoipa

Kugawa phindu la chaka mofanana pa miyezi 12 kumabisa njala. Phindu la mayi uja pachaka ndi 9,000, koma silibwera mofanana. Miyezi itatu ya mayunifolomu imabweretsa 1,500 uliwonse, miyezi isanu ndi umodzi imabweretsa 650, ndipo miyezi itatu yotsalayo ndi 200 yokha. Choncho pa miyezi 9 mwa 12 bizinesi siikwanitsa kudyetsa banja. Pano sazimva kuwawa chifukwa malipiro amafika tsiku lake ngakhale makina atakhala chete.

Bizinesi ya nyengo si yoipa, koma imafuna mwini amene amatha kusunga za miyezi yonona kuti adye m'miyezi yowonda. Funso ndi lakuti zotsala za miyezi yabwino zikukwana kutseka dzenjelo kapena ayi. Apa miyezi itatu yabwino ikusiya 700 uliwonse pamwamba pa 800, pamodzi 2,100. Miyezi ina ija ikuperewera ndi 2,700. Dzenje ndi lalikulu kuposa dothi lokwirira.

Chachisanu: ndani akukugulani, ndipo anakudziwani bwanji?

Lembani makasitomala anu onse ndi ndalama zimene aliyense wabweretsa pachaka, kuyambira wamkulu. Pambali pa aliyense lembani njira imene anakupezerani.

Mayi uja atachita zimenezi anapeza kuti pa 3,000 ya pamwezi, 1,200 imachokera kusukulu imodzi, ndipo oda imeneyo anaipeza kudzera mwa mnzake wa kuntchito amene ali mukomiti ya sukuluyo. Ina 450 ndi ya anzake a mu ofesi, amene amamuona tsiku lililonse ndipo amalipira pa tsiku la malipiro chifukwa sangamuthawe. Yotsala, 1,350, ndi ya anthu amene sakumudziwa, amene anabwera chifukwa anaona chovala chabwino pa munthu wina n'kufunsa amene anasoka.

Gulu lomalizali ndilo bizinesi yeniyeni. Anzanu a kuntchito amagula chifukwa muli pafupi, ena chifukwa cha manyazi, ndipo mukachoka ambiri amazilala pang'onopang'ono, ngongole zawo n'kuvutanso kutolera. Kasitomala mmodzi amene akubweretsa 40 peresenti ya malonda ndi bwana wina chabe, ndipo bwana ameneyu sakupatsani notisi. Komiti ikasintha, oda yapita. Ine ndimaona kuti ngati kasitomala mmodzi akuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a malonda anu, musanalembe kalata yosiya ntchito muyambe mwapeza ena, kapena mugwirizane naye polemba kuti adzakugulani kwa nthawi yakuti. Yesani kufufuta dzina lake m'kope n'kuwerengeranso phindu. Nambala imene yatsalayo ndi imene muyenera kukhala okonzeka kukhalira.

Onaninso ngati anthu akubweranso. Amene wagula kachiwiri ndi kachitatu popanda kumuchonderera akukuuzani kuti katundu wanu ndi mtengo wanu zili bwino.

Chachisanu ndi chimodzi: chikuchepa ndi nthawi yanu kapena makasitomala?

Aliyense wofuna kusiya ntchito amanena kuti, "Ndikadzakhalapo tsiku lonse, bizinesi idzakula." Nthawi zina zimakhala zoona, koma pokhapokha ngati chimene chikuimitsa bizinesi ndi kusowa kwa inuyo. Ngati vuto ndi lakuti ogula ndi ochepa, kusiya ntchito kumangokupatsani maola ambiri oyang'ana pakhomo.

Njira yodziwira ndi yosavuta. Kumapeto kwa kope lanu tsegulani tsamba la maoda amene mwakana kapena amene anakuthawani chifukwa munachedwa. Lembani tsiku, chimene munthuyo amafuna, ndi mtengo wake. Musalembe amene anangofunsa mtengo n'kupita, koma amene anali wokonzeka kulipira. Tsambali likakhala lopanda kanthu pakatha miyezi itatu, nthawi si vuto lanu.

Tsamba la mayi uja likuonetsa kuti amakana ntchito ya 900 pamwezi. Atati aisoke yekha, nsalu ndi zina zingadye pafupifupi 400, n'kutsala 500. Phindu lingakwere kuchoka pa 750 kufika pa 1,250, kuposa 1,100 ya kuntchito. Koma nambala ya m'maganizo muziidula pakati, chifukwa munthu amene akusoka ndi yemweyo amene akukagula nsalu, kuyeza makasitomala ndi kulondola ngongole. Tinene kuti afika pa 1,000.

Pano pali funso limene ambiri salifunsa. Ngati chikusowa ndi manja osokera, n'chifukwa chiyani manjawo akhale a mwini bizinesi? Telala wachiwiri angafune 450 pamwezi, pomwe mayiyu akasiya ntchito ataya 1,100. Kulemba munthu wina n'kotchipa kwambiri kuposa kudzilemba yekha. Kusiya ntchito kumakhala ndi nzeru pamene ntchito imene ikusowa munthu ndi imene mwini yekha angaigwire: kukakambirana ndi masukulu ena nthawi ya masana, kuyang'anira kuti zovala zikutuluka bwino, kuletsa kuba kwa nsalu. Choncho ayambe walemba telala wachiwiri akadali pantchito, aone ngati maoda okanidwa aja asandukadi ndalama. Akatero n'kupeza kuti phindu lakwera ndipo maoda akuchulukabe moti matelala awiri akusowa wowatsogolera, umenewo ndi umboni wolimba kuposa maloto alionse.

Tchuthi chanu cha pachaka chigwiritseninso ntchito ngati muyeso. Tengani masabata awiri kapena atatu pa nyengo wamba, osati ya maoda ambiri, mugwire bizinesi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mudzaona ngati maola owonjezerawo akubala ndalama. Mudzadziwanso ngati ntchitoyi mumaikondadi ikakhala ya tsiku lonse, poti chimene chimasangalatsa kwa maola awiri madzulo chikhoza kutopetsa chikakhala cha maola khumi.

Chachisanu ndi chiwiri: khalani ngati mwasiya kale, kwa miyezi isanu ndi umodzi

Uwu ndiwo muyeso waukulu, ndipo ngati mungachite chimodzi chokha mwa zonsezi, chitani ichi. Dziikireni malipiro okhazikika ochokera kubizinesi, osachepera ndalama zofunika pakhomo zija. Kwa mayi uja ndi 800, yotuluka pa tsiku limodzi mwezi uliwonse. Banja lonse lidye ndalama imeneyo basi. Malipiro a kuntchito azilowa mu akaunti yosungira imene simuikhudza, kupatula ndalama yoyendera kupita kuntchitoko. Sankhani miyezi yake mwadala kuti miyezi yoipa ilowemo. Kuyesa pa nyengo yabwino yokha ndi kudzibera mayeso.

Malamulo ake ndi awiri. Bizinesi isakongole kwa inu ngakhale kamodzi, ndipo isadye mpamba kuti ikulipireni. Lachiwirili ndi lovuta kuliona, choncho pa tsiku loyamba werengerani ndalama za mu akaunti ya bizinesi, mtengo wogulira wa katundu amene alipo, ndi ngongole zimene mukutsimikiza kuti zibwera, n'kuchotsapo zimene bizinesi ikuyenera kulipira ena. Bwerezani pa tsiku lomaliza. Ngati nambala yatsika kwambiri, ndiye kuti malipiro munkadzipatsawo anali nsalu za pashelefu, osati phindu. Pamene mitengo ya zinthu ikukwera msanga, musangodalira nambala. Werengani katundu weniweni: ngati munayamba ndi mipukutu 20 ya nsalu, kodi lero mungathe kugulanso 20?

Mukatapa m'malipiro a kuntchito pa mwezi wachitatu chifukwa zinthu zathina, musadzikhululukire kuti linali vuto lapadera. Mavuto apadera amabwera chaka chilichonse. Lembani chimene chachitika, konzani, muyambirenso kuwerenga.

Muyeso umenewu uli ndi ubwino wina: ukamatha mumakhala mutasunga ndalama. Mayi uja akusunga 900 pamwezi, ndiye pa miyezi isanu ndi umodzi ali ndi 5,400. Kodi zakwana? Nkhokwe zimafunika ziwiri, ndipo zisasakanizidwe. Ya pakhomo ikhale ya miyezi isanu ndi umodzi, 800 kuchulukitsa ndi 6, yomwe ndi 4,800. Ya bizinesi ikhale yolipira zinthu zosadikira malonda kwa miyezi itatu. Telala mmodzi, chipinda ndi magetsi ndi 630 pamwezi, pamodzi 1,890. Zonse ndi 6,690, choncho apitirize miyezi ina iwiri, ndipo ngati walemba telala wachiwiri awonjezerenso. Amene ali yekha wopezera banja ndalama, kapena ali ndi wodwala m'nyumba, akulitse nkhokwe ya pakhomo kufika miyezi 9 kapena 12. Amene mwamuna kapena mkazi wake ali pantchito yokhazikika angachepetseko, bola akhale atagwirizana, chifukwa mnzakeyo ndi amene adzasenze miyezi yoipa.

Chomaliza: konzani katulukidwe

Manambala akavomera, musathamangire kulemba kalata. Yambani ndi ngongole. Ngati muli ndi ngongole imene imadulidwa kumalipiro, werengani pangano lake kapena kafunseni kumene munakongolako chimene chimachitika munthu akasiya ntchito, chifukwa ena amafuna yotsala yonse nthawi imodzi kapena amaitenga pa ndalama zanu zomaliza. Ndi bwino kuimaliza mukadali pantchito. Dziwaninso kuti obwereketsa ndalama ambiri amakhulupirira pepala la malipiro kuposa kope la bizinesi yaing'ono, choncho mukatuluka kukongola kudzavuta kwa kanthawi. Izi sizikutanthauza kuti mutenge ngongole yaikulu pomaliza. Ngongole yotengedwa podalira malipiro amene mukudziwa kuti akutha imadzakhala katundu wa bizinesi, ndipo masamu onse aja amasokonekera.

Werengani kontrakiti yanu muone kutalika kwa notisi, zimene mudzalandire pochoka, ndiponso ngati pali mawu okuletsani kuchita bizinesi yofanana ndi ya kampani kapena kutenga makasitomala ake. Ndalama za penshoni musaziwerengere ngati mpamba. Malamulo a m'mayiko ambiri salola kuzitenga zonse nthawi yomweyo, ndipo ngakhale atalola, bizinesi imene ikudikira penshoni kuti iime sinakhwime. Inshulansi ya chipatala pezeranitu ina isanathe ya kuntchito, poti zambiri zimakhala ndi miyezi yodikira musanayambe kuthandizidwa. Funsaninso ngati kampani ingakupatseni tchuthi chosalipidwa cha miyezi ingapo kapena kukuchepetserani masiku ogwira ntchito. Ena amakana, koma kufunsa sikuwononga kanthu, ndipo akavomera mumayesa bizinesi khomo likadali lotsegula. Chokani bwino, mutamaliza notisi ndi kusiya zonse m'malo, chifukwa mabwana akale nthawi zina amasanduka makasitomala, ndipo mungadzafune kalata yawo ya umboni.

Musanatuluke, lembani papepala malire obwererera, inu ndi a m'banja mwanu musainirane ngati n'kotheka. Mwachitsanzo: nkhokwe ya pakhomo ikatsika kufika pa miyezi iwiri, kapena bizinesi ikalephera kundilipira miyezi itatu yotsatizana, ndiyamba kufunsira ntchito. Malirewa amaikidwa mutu ukadali wozizira, chifukwa zinthu zikavuta munthu amangoti mwezi wamawa zisintha, mpaka atagulitsa makina.

Tsiku lenileni lochokera lisankhidwe poyang'ana kalendala ya bizinesi. Mayi wosoka mayunifolomu achoke kutatsala mwezi umodzi kapena iwiri kuti nyengo ya maoda iyambe, kuti apeze nthawi yoyendera masukulu ndi kuoda nsalu, ndiponso kuti miyezi yake yoyamba ikhale yolowetsa ndalama. Ngati notisi yake ndi ya mwezi umodzi, kalata ipite kutatsala miyezi itatu kuti sukulu zitsegulire. Ngati pali bonasi ya pachaka imene yatsala pang'ono kutuluka, aone kaye m'kontrakiti ngati munthu amene ali pa notisi amalandira nawo, asanapereke kalatayo.